Dimba la Sukulu Lingayankhe Funso Lanji pa Kusintha kwa Nyengo?

Mpikisano wa sayansi ndi zachilengedwe ukalengezedwa pa sukulu, mitu imene ophunzira amathamangira kulemba imakhala yofanana pafupifupi kulikonse. Wina amalemba kuti "Kusintha kwa nyengo ndi zotsatira zake", wina "Tibzale mitengo tipulumutse dziko". Amajambula tchati chokongola, dzuwa lolusa pamwamba ndi chimanga chofota pansi, n'kuloweza mawu oti akanene pamaso pa oweruza. Woweruza akangofunsa kuti, "Nanga inu mwayeza chiyani, ndipo mwapeza chiyani?" pamakhala zii.

Chonsecho kuseri kwa makalasi kuli dimba, kapena kamunda kamene ana amalimako pa phunziro la ulimi. Malo amenewo ndi okwanira kupangirapo kafukufuku weniweni, bola mutu wake usankhidwe molingana ndi zimene dimba lingathe kuyankha.

Pali chinthu chimodzi chimene dimba silingathe, ndipo ndi bwino mphunzitsi ndi ophunzira agwirizane pa chimenechi asanagwire khasu. Dimba silingatsimikizire kuti nyengo yasintha. Akatswiri a zanyengo akamanena za nyengo ya dera amatenga zaka 30 n'kuziphatikiza, ndipo masiku ano zaka zimene amayerekezera nazo ndi za kuyambira 1991 kufika 2020. Chaka chimodzi cha chilala, kapena teremu imodzi yotentha, si umboni wa kusintha kwa nyengo. Ngakhale ng'amba ya m'nyengo yolima ya 2023 mpaka 2024, imene idachititsa kuti boma lilengeze m'mwezi wa Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, idabwera makamaka ndi El Nino, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kwakhala kukubwera n'kumapita kuyambira kalekale. Chimene asayansi amanena n'chakuti dziko likamatenthera, zinthu zoterezi zimapweteka kwambiri: nthaka imauma msanga, ndipo mvula ikagwa nthawi zambiri imagwa yambiri pa kanthawi kochepa. Anthu a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu safunika kuuzidwa za mvula yotere, adaiona ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Choncho mutu wabwino umatenga vuto limodzi mwa mavuto amene kusintha kwa nyengo kukukulitsa, kutentha kwa nthaka, kuchepa kwa madzi kapena kukokoloka kwa dothi, n'kuyesa njira imodzi yothana nalo. Mutuwo ukhale funso, ndipo funsolo likhale ndi mbali ziwiri zoyerekeza ndiponso chinthu choti n'kuchiyeza ndi sikelo, lula kapena botolo. "Ubwino wophimbira nthaka" si funso, ndi yankho limene mwana walitenga m'buku. Koma "Kodi kuphimbira bedi la mpiru ndi udzu kumasunga chinyezi chochuluka bwanji m'mwezi wa Okutobala?" ndi funso limene palibe akudziwa yankho lake pa sukulu imeneyo mpaka wina ataliyeza.

Tiyeni tiutsate mutu umenewu kuyambira pa chiyambi, chifukwa zimene zikufunika pa iwo n'zimene zingafunike pa mutu wina uliwonse.

Ophunzira ambiri amakonza mabedi awiri, limodzi lophimbira lina losaphimbira. Cholakwika choyamba n'chimenechi. Mwina bedi lina lili pafupi ndi mtengo wa mango ndipo limapeza mthunzi masana, mwina lina lili pomwe kale ankatayapo phulusa la kukhitchini yophikira phala. Mpiru ukakula mosiyana simungadziwe ngati wachititsa ndi udzu, mthunzi kapena phulusa. Pamafunika mabedi asanu ndi limodzi, atatu ophimbira ndi atatu osaphimbira, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali, pakati pake kanjira ka theka la mita. Posankha bedi loti liphimbiridwe musasankhe ndi maso. Lembani manambala a mabedi pa timapepala, ponyani m'chipewa, mwana atole atatu. Mukasankha ndi maso, mtima umakukokerani kuika udzu pa mabedi ooneka bwino kale, chifukwa aliyense amafuna kuti njira yake ipambane.

China chilichonse chikhale chofanana. Mbande zichokere pa nazale imodzi ndipo ziwokeredwe tsiku limodzi, mipata yake yofanana, tinene masentimita 30 kuchoka pa phando kufika pa phando linzake. Manyowa ayezedwe ndi ndowa imodzimodzi. Madzi ndiye pamene pagona nkhani. Bedi la mita imodzi ndi mamita atatu lili ndi masikweya mita atatu, ndipo lita imodzi ikathiridwa pa sikweya mita imodzi imafanana ndi milimita imodzi ya mvula. Mukathira malita 15 pa bedi patsiku, ndiye kuti mwapereka mamilimita 5, omwe sali kutali ndi madzi amene masamba amafuna m'nyengo yotentha. Kheni ilembedwe mzere ndi penti kuti aliyense wothirira adziwe polekezera. Mwana wachifundo amene amaonjezera madzi pa bedi limene likuoneka lofota waononga kafukufuku yense, ngakhale wachita ndi mtima wabwino, ndiye ndi bwino kuuzana zimenezi poyambirira.

Udzu wophimbira ukhale wouma, wopanda njere, woyalidwa mokhuthala ngati masentimita 5, koma usakhudze tsinde la mbewu kuopa kuoletsa. Mapesi a chimanga odulidwa angagwirenso ntchito, koma musasakanize, udzu pa bedi lina mapesi pa bedi lina, chifukwa pamenepo mwalowetsa funso lachiwiri mosadziwa.

Tsopano zoyeza. Choyamba ndi kutentha kwa nthaka. Choyezera kutentha cha mu labu ya sukulu n'chokwanira, koma ndi chagalasi, ndiye bowolani kaye nthaka ndi kamtengo kufika masentimita 5, mulowetse choyezeracho, mudikire mphindi zitatu musanawerenge. Pa bedi lophimbira, kankhirani udzu pambali pang'ono ndipo muubwezeretse pamene choyezera chili m'nthaka. Yezani kawiri patsiku, m'mawa ana akangofika ndi masana cha m'ma 2 koloko. Kuyeza kwa m'mawa kumadabwitsa ophunzira ambiri, chifukwa nthawi zambiri bedi lophimbira limapezeka lofunda mofanana ndi linzake, kapena kuposerapo pang'ono. Sikuti choyezera chafa ayi. Udzu umatchinga dzuwa masana, komanso umaletsa kutentha kuthawa m'nthaka usiku. Wophunzira amene angafotokoze zimenezi pamaso pa oweruza waonetsa kuti akumvetsa zimene wayeza.

Chachiwiri ndi chinyezi, ndipo njira yake sifuna makina odula. Kawiri pa sabata, musanathirire, kumbani dothi pa bedi lililonse kuyambira pamwamba kufika masentimita 10, muyeze magalamu 200 nthawi yomweyo pa sikelo ya kukhitchini yotha kuwerenga galamu imodzi. Mu labu yeniyeni dothi limaumitsidwa mu uvuni pa madigiri 105 kwa tsiku lathunthu. Kusukulu liyaleni mopyapyala pa mbale yachitsulo, muliike padzuwa pomwe mphepo singaliulutse, muzilowetsa m'nyumba usiku, ndipo muziliyeza tsiku ndi tsiku mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika. Kulemera kumene kwachokapo ndi madzi. Masamu ake ndi awa: chotsani kulemera kwa dothi louma pa kulemera kwa dothi lonyowa, gawani ndi kulemera kwa dothi louma, chulukitsani ndi 100. Tingoyerekeza, pongofuna kuonetsa masamuwo, kuti dothi la pa bedi lophimbira latsika kuchoka pa magalamu 200 kufika pa 178. Madzi anali magalamu 22, ndipo 22 kugawa ndi 178 kuchulukitsa ndi 100 ndi 12.4 peresenti. La pa bedi losaphimbira likatsika kufika pa 188, madzi anali magalamu 12, omwe ndi 6.4 peresenti. Ana ambiri amagawa ndi 200 m'malo mogawa ndi kulemera kwa dothi louma, ndipo mphunzitsi ayang'anitsitse pamenepa. Dzuwa silichotsa madzi onse monga uvuni uchitira, choncho manambala anu adzakhala otsikirapo kuposa enieni. Zimenezi siziononga kuyerekeza malinga ngati dothi lonse laumitsidwa mofanana, koma ziyenera kulembedwa mu lipoti poyera.

Chachitatu ndi zokolola. Kuthyola ndiwo kuchitike tsiku limodzi pa mabedi onse, potsata lamulo limodzi, mwachitsanzo kuthyola tsamba lililonse lotalika kuposa chikhatho, ndipo masamba a bedi lililonse ayezedwe paokha. Mukatero mungawerengere chinthu chimene chimagwirizanitsa dimba ndi kusintha kwa nyengo mwachindunji: makilogalamu a ndiwo pa malita 100 alionse a madzi. Kumene mjigo umayamba kutsomola mu Okutobala ndipo amayi amapanga mzere kuyambira m'bandakucha, nambala imeneyi ndi imene anthu angaimvetse popanda kuwamasulira.

Zovuta sizilephera. Chiswe chimakonda udzu wouma, ndipo pa masabata ochepa zophimbira zingapyapyale mpaka nthaka kuonekera. Muziyeza kukhuthala kwake ndi lula sabata iliyonse, muziwonjezera kuti kubwerere pa masentimita 5, ndipo muzilemba kuchuluka kwa udzu umene mwaonjezera, chifukwa imeneyo ndi ntchito imene mlimi weniweni adzafunika kuidziwa. Nkhuku za kwa aphunzitsi zimapalasa udzu kufuna tizilombo, mbuzi zimadumpha mpanda. Bedi likadyedwa musalichotse mwakachetechete m'kaundula, lembani tsiku ndi zimene zachitika. Ndipo pali vuto la kalendala. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, ndiye kafukufuku wa kuthirira amakwana bwino m'teremu yoyamba, nthawi yotentha mvula isanayambe. Mpiru umayamba kuthyoledwa patapita masabata atatu kapena anayi chiuwokereni, choncho masabata asanu ndi atatu ndi okwanira. Mukachedwa kuyamba, mvula ya mu Novembala idzanyowetsa mabedi onse ndipo kusiyana kudzazimirira. Loweruka ndi Lamlungu pamafunikanso wothirira, makamaka mwana wokhala pafupi ndi sukulu, ndipo kaundula azikhala pamalo poti iye angamupeze.

Bwanji ngati pa mapeto pake kusiyana kuli kochepa, kapena mabedi osaphimbira abereka kuposa ophimbira? Apa ndi pamene mtima umafuna kukonza manambala, ndipo n'zimene siziyenera kuchitika. Yang'anani mabedi atatu a mbali imodzi. Ngati akusiyana okhaokha kwambiri kuposa mmene akusiyanira ndi a mbali inayo, ndiye kuti kafukufuku wanu sanaonetse kusiyana kodalirika, ndipo muyenera kunena choncho. Kungakhalenso kuti malita 15 anali ambiri moti mbewu zonse sizidamve ludzu, ndiye udzu udalibe choti upulumutse. Yankho limeneli limabala funso lakuthwa kuposa loyamba lija: kodi bedi lophimbira lingabereke mofanana ndi losaphimbira litapatsidwa theka la madzi? Kwa ophunzira a ku sekondale ine ndingasankhe funso limeneli kuyambira pachiyambi, ngakhale limafuna mabedi 12, popeza pali magulu anayi: lophimbira ndi losaphimbira, lililonse pa madzi okwanira ndi pa theka.

Sukulu imene ilibe madzi othirira ingatenge mutu wa mvula yeniyeniyo. Alimi amadandaula kuti mvula siikudziwikanso, imanamiza anthu kubzala kenako n'kudula. Ophunzira angayese funso lakuti: kodi kubzala ndi mvula yoyamba kumasiyana bwanji ndi kudikira kuti nthaka ikhute? Pamafunika choyezera mvula, ndipo chitini chilichonse chowongoka m'mbali, chosapindika kukamwa, chingagwire ntchitoyo. Chiikeni pa mtengo woimika, kukamwa kuli kolunjika kumwamba, kutali ndi nyumba kapena mtengo kosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho. Kuviika lula m'chitini kumanamiza mvula ikakhala yochepa. Njira yabwino ndi kutsanulira madziwo m'botolo loyezera la mu labu. Chitini cha masentimita 10 kukamwa chili ndi malo okwana masikweya sentimita 78.5. Gawani mamililita a madzi ndi nambala imeneyi, chulukitsani ndi 10, mwapeza mamilimita. Mamililita 157 ndi mvula ya mamilimita 20. Kuwerenga kuchitike nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lopanda mvula lilembedwe 0, lisasiyidwe lopanda kanthu, chifukwa masiku a ziro otsatizana ndiwo ng'amba imene mukuifufuzayo.

M'munda, bzalani chimanga kapena khobwe maulendo atatu motalikirana masiku khumi, ulendo uliwonse pa timinda titatu, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando monga alangizi amalimbikitsira pa chimanga. Werengani mapando amene amera pakatha masiku khumi ndi amene atsala amoyo pakatha mwezi. Tchuthi cha Khirisimasi chimagwa pakati penipeni pa nthawi imeneyi, ndiye popanda munthu wowerenga mvula m'masabata amenewo mutuwu ulibe msana. Manambala a chaka chimodzi sanena kanthu za kusintha kwa nyengo, monga tanena kale, koma akaikidwa pambali pa mbiri ya mvula ya zaka zambiri amayamba kulankhula. Nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imasunga mbiri ya mvula ya malo ngati Chitedze, Chileka, Bvumbwe ndi Makoka, ndipo ku ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'dera lanu nthawi zambiri kumakhala kaundula wa mvula. Kalata ya mphunzitsi wamkulu yopempha manambalawo ilembedwe msanga. Kufunsa agogo a m'mudzi za mmene chizimalupsa ndi mvula yobzalira zinkagwera kale kumakometsa lipoti, koma zilembedwe monga zimene anthu akukumbukira, zisasakanizidwe ndi zimene zayezedwa.

Choyezera mvula chomwecho chimatsegula mutu wina wa masamu okhaokha, woyenera ana a sitandade 7 ndi 8. Denga la malata la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 20 limatola malita 2,000, ngakhale gawo lina limatayika pothothoka ndi podontha m'ngalande za denga. Mabedi asanu ndi limodzi aja amamwa malita 90 patsiku, choncho thanki ya malita 5,000 ingawathirire masiku 55 okha. Ana akawerengera okha amazindikira kuti chovuta pokolola madzi a mvula si kuchepa kwa mvula koma posungira, popeza kuchoka mu Epulo kufika mu Novembala ndi miyezi yambiri.

Kumene sukulu ili pa malo otsetsereka, ngati ku Thyolo, Dedza kapena Ntcheu, funso la kukokoloka kwa nthaka ndi limene lili pafupi ndi moyo wa anthu. Tchingani timinda totalika mamita awiri motsata kutsetsereka, m'mbali muike matabwa kapena zidutswa za malata kuti madzi a kwina asalowe, kumunsi kwake muike kangalande kotsikira mu ndowa yokwiriridwa yokhala ndi chivundikiro. Kamunda kena kakhale kopanda kanthu, kena kophimbira, kena kokhala ndi mzere wa udzu wa vetiva kumunsi. Mvula ikatha yezani madzi a mu ndowa, dikirani matope akhazikike, aumitseni, muwayeze. Koma werengerani kaye kukula kwa ndowa. Kamunda ka masikweya mita awiri kakalandira mamilimita 40 kalandira malita 80, ndipo theka lake lokha likathamanga, ndowa ya malita 20 yasefukira, tsiku lomwe manambala ake anali ofunika koposa. Mgolo wodula pakati ndi umene ungakwane. Vetiva nayenso safulumira, amafuna nyengo yamvula yathunthu kapena kuposerapo kuti mzere wake utsekane, choncho wobzalidwa mu Disembala sangaweruzidwe mu Januwale.

Pali mitu ina yokopa imene ine sindingailimbikitse pa mpikisano wa chaka chimodzi. Kuyeza mpweya wa kaboni umene mitengo ya pa sukulu yasunga kumamveka kwapamwamba, koma mbande za chaka chimodzi sizikula moti n'kuyezeka, ndipo masamu ake ophunzira amangowakopera osawamvetsa. Mitengo yobwezeretsa chonde ngati msangu ndi gilisidiya imagwiradi ntchito, koma gilisidiya amafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti asinthe zokolola, msangu ndiye zaka zambiri kuposa pamenepo. Mitu imeneyi ndi ya kalabu ya zachilengedwe imene ingasiyirane kaundula chaka ndi chaka. Mbozi yowononga chimanga imene idafala m'dziko muno mu 2017 ndi yabwino kuifufuza, mwachitsanzo kuyerekeza kuthira dothi kapena phulusa m'mtima mwa chimanga ndi kusathira kanthu, koma wophunzira asanene kuti idabwera ndi kusintha kwa nyengo. Mboziyi kwawo ndi ku America ndipo idaoneka koyamba mu Africa muno mu 2016, kumadzulo kwa kontinenti. Chimene anganene n'chakuti kutentha kumaifulumizitsa kukula ndi kuswana.

Kuyerekeza ndiwo zamakolo ndi zobwera, bonongwe, luni ndi chisoso mbali ino, chayinizi ndi kabichi mbali inayo, ndi mutu wosavuta kuukonda, ndipo ungatheke ndi mabedi omwe aja. Msampha wake ndi woti mbewu zosiyana sizingayerekezedwe pa makilogalamu okha, popeza kabichi ndi wolemera mwachibadwa. Mbewu iliyonse ibzalidwe pa madzi okwanira ndi pa theka, kenako muwerengere kuti iliyonse yataya maperesenti angati a zokolola zake madzi atachepa. Imene yataya zochepa ndiyo yopirira.

Tsiku la mpikisano, tchati chikhale ndi funso pamwamba, mapu a mabedi osonyeza mmene maere adagwera, ndi galafu imodzi kapena ziwiri zokhala ndi miyezo yolembedwa bwino m'mbali mwake. Galafuyo ionetse bedi lililonse palokha, osati nambala yapakati yokha, kuti woona aweruze yekha ngati kusiyanako n'kodalirika. Kaundula wa kudimba apite nawo mmene alili, ndi matope ake ndi mofufutamo, asakopedwe m'kope latsopano usiku wa dzulo lake, chifukwa oweruza amafuna kuona kuti manambala adalembedwa pa tsiku lake. Pa tebulo pangakhale mabotolo awiri a dothi, kheni yolembedwa mzere ija ndi chitini choyezera mvula, ndipo wolankhula akhale mwana amene ankayeza yekha, woti akafunsidwa chifukwa chimene bedi lachinayi lidaberekera zochepa akumbukire kuti ndi lomwe mbuzi zidalowamo sabata yachitatu.